Kupeza mtengo wa kampani poyerekeza ndi P/E ya makampani ofanana nayo

Kampani yomwe masheya ake sagulitsidwa pamsika wa masheya ilibe mtengo wolembedwa paliponse. Mwini wake akafuna kuigulitsa, kapena wina akafuna kugulamo gawo, mtengowo umayenera kuchita kufunidwa. Njira yomwe anthu ambiri amathamangira ndi yoyang'ana makampani ochita bizinesi yofanana omwe ali pamsika, kuona kuti ogula akulipira ndalama zingati pa phindu lawo, kenako n'kugwiritsa ntchito mlingo womwewo pa kampani yomwe ikufunidwa mtengoyo. Masamu ake ndi a mphindi imodzi. Ntchito yeniyeni ili pa zinthu ziwiri: phindu lomwe muchulukitse, ndi makampani omwe muwalole kulowa m'gulu loyerekezera.

Mlingowu pamasamba a misika ndi m'malipoti umalembedwa kuti P/E, ndipo phindu la sheya imodzi limalembedwa kuti EPS.

```
P/E = mtengo wa sheya imodzi / EPS
Mtengo wa kampani = phindu la pachaka × P/E
```

Sheya ikamagulidwa madola 24 pomwe phindu lake pachaka ndi madola 2, P/E yake ndi 12. Tanthauzo lake n'lakuti ogula akulolera kupereka madola 12 pa dola iliyonse ya phindu la pachaka. Phindu lomwe tikunenali ndi lotsala kampani italipira kale chiwongoladzanja cha ngongole ndi msonkho, lomwe ndi la eni masheya okha.

Tiyenda ndi chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto. Ndi chongopeka, manambala ake ndawasankha kuti masamu aoneke bwino. Pali kampani yopanga penti, ya banja, yomwe siili pamsika. Mabuku ake akuonetsa kuti chaka chathachi inapeza phindu la madola 12.6 miliyoni italipira msonkho, ndipo msonkho wa phindu ndi 25 peresenti.

Gawo loyamba: yeretsani phindu la kampaniyo

Musayambe n'kusaka makampani ena. Yambani ndi mabuku a kampani yomwe mukuifunira mtengo, a zaka zitatu kapena zisanu, makamaka omwe anaunikidwa ndi owerengera ndalama oima paokha. Funso ndi limodzi: pa phindu lalembedwali, ndi liti lomwe lidzabwerenso chaka chamawa ndi chaka chinacho? Wogula salipirira zomwe zinachitika kamodzi n'kupita.

M'mabuku a kampani ya pentiyi muli mzere wa ndalama zina zolowa, ndipo mukawerenga ndemanga za kumapeto kwa mabukuwo mupeza kuti kampaniyo inagulitsa malo omwe sinkawagwiritsa ntchito, n'kupindulapo madola 4 miliyoni. Malowo apita, sadzagulitsidwanso. Koma musachotse 4 miliyoni yonse, chifukwa phindu lomwe tikukonza ndi lochotsedwa kale msonkho. Ngati phindu la malowo linadulidwa msonkho wa 25 peresenti womwewo, lomwe linafika pansi ndi 3 miliyoni, ndiye muchotse 3 miliyoniyo.

Chachiwiri n'chobisika kwambiri, ndipo chimapezeka kawirikawiri m'makampani a banja. Mwini kampaniyo ndi ana ake awiri ndiwo akuiyendetsa, ndipo amadzilipira malipiro ochepa popeza ndalama zawo amazitengera ku phindu. Wogula akadzailanda adzalemba mamanijala oti aziwalipira malipiro enieni a pamsika wa ntchito. Tinene kuti kusiyanako ndi madola 800,000 pachaka. Mukachotsapo msonkho womwe ungapulumuke, phindu litsika ndi 600,000. Nthawi zina zimakhala mosemphana: mwini amadzilipira mopitirira, kapena amalowetsa galimoto ndi maulendo a banja m'mabuku a kampani. Zikatero phindu mumaliwonjezera.

```
12.6 − 3.0 − 0.6 = 9.0
```

Phindu loti tigwiritse ntchito ndi madola 9 miliyoni, osati 12.6. Zindikirani kuti dola iliyonse yomwe mwalakwitsa pano idzachulukitsidwa ndi P/E. Pa P/E ya 13, phindu la malo lija mukalisiyamo limakweza mtengo ndi madola 39 miliyoni.

Gawo lachiwiri: lembani zoyenereza musanaone P/E ya aliyense

Ili ndi gawo lomwe ndimalilimbikira kwambiri. Tengani pepala, mulembe kuti kampani yofanana ndi yanuyi ikhale yotani, ndipo muchite zimenezi musanatsegule tsamba la mitengo. Munthu akaona kaye manambala, dzanja limayamba kusankha lokha. Woimira wogulitsa amapeza zifukwa zosungira makampani a P/E yokwera, woimira wogula amapeza zifukwa zowataya, ndipo onse awiri amakhulupirira kuti achita chilungamo.

Kukhala m'bizinesi imodzi sikokwanira. Chomwe chimapangitsa ogula kulipira P/E yokwera kapena yotsika ndi zinthu zitatu: liwiro lomwe phindu likuyembekezeka kukula nalo, chiopsezo chomwe chili pa phindulo, ndi gawo la phindu lomwe kampani ingathe kupereka kwa eni ake popanda kufooketsa kukula kwake. Pali kawerengedwe kachidule koonetsa izi, ka kampani yomwe ikukula pa liwiro losasintha:

```
P/E = d / (r − g)
```

Apa d ndi gawo la phindu loperekedwa kwa eni masheya, r ndi phindu la pachaka lomwe oika ndalama akufuna kuti alolere chiopsezocho, g ndi kukula kwa pachaka, ndipo P/E yotulukayo ndi ya phindu la chaka chikubwerachi. Kampani yopereka 60 peresenti ya phindu lake, yomwe oika ndalama akufunako 10 peresenti, ikamakula ndi 5 peresenti P/E yake ndi 12. Kukulako kukangofika 7 peresenti, zina zonse osasintha, P/E imalumpha kufika 20. Kukula kukhale 5 peresenti komweko koma oika ndalama azifuna 12 peresenti, P/E imatsikira pa 8.6. Makampani atatu onsewa angathe kumapanga penti yofanana ndendende.

Choncho pepala lanu likhale ndi mafunso monga awa. Kodi ndalama zambiri za kampaniyo zimachokeradi ku penti, kapena penti ndi kagawo chabe ka bizinesi yaikulu? Imagulitsa kwa ndani, omanga nyumba kapena mafakitale a magalimoto? Ndi yaikulu bwanji poyerekeza ndi yanu? Ikukula motani? Ili ndi ngongole zochuluka bwanji? Masheya ake amagulidwa ndi kugulitsidwa tsiku ndi tsiku? Ili m'dziko lomwe chiwongoladzanja ndi kukwera mitengo kwa zinthu n'kofanana ndi komwe kuli kampani yanu? Funso lomalizali ndi r yomwe ija. Kumene boma likubwereka ndalama pa chiwongoladzanja cha 4 peresenti, masheya amagulidwa pa P/E yokwera kuposa kumene likubwereka pa 15 peresenti, ndipo kutenga P/E ya kwina n'kuiika kwina osasintha kanthu ndi kulakwitsa kwakukulu.

Gawo lachitatu: werengerani nokha P/E ya kampani iliyonse

P/E yomwe mumaiona pamasamba a pa intaneti muitenge ngati poyambira chabe. Ena amagwiritsa ntchito phindu la chaka chomwe mabuku anatsekedwa, ena la miyezi 12 yapitayi, ena la chaka chikubwerachi malinga ndi zomwe akatswiri akulosera. Kampani yomwe ikukula imakhala ndi P/E yotsikirapo mukagwiritsa ntchito phindu lamtsogolo. Lamulo ndi losavuta: phindu lanu la 9 miliyoni ndi la chaka chapita, ndiye P/E zonse zikhale za phindu lapita. Mitengo ya masheya yonse itengedwe tsiku limodzi. EPS itengedwe m'lipoti la kampaniyo, ndipo ngati pali mizere iwiri, tengani yomwe yawerengera masheya owonjezera omwe angadzatuluke, monga olonjezedwa kwa mabwana a kampani kapena ochokera ku ngongole zosinthika kukhala masheya. Ndi yomwe imakhala yocheperapo.

Tinene kuti mwapeza makampani asanu ndi awiri a penti:

| Kampani | Mtengo wa sheya | EPS | P/E |
|---|---|---|---|
| A | 24 | 2.00 | 12 |
| B | 39 | 3.00 | 13 |
| C | 21 | 1.50 | 14 |
| D | 18 | 0.40 | 45 |
| E | 66 | 3.00 | 22 |
| F | 14 | 2.00 | 7 |
| G | 9 | −0.60 | palibe |

Kampani G inaluza, choncho P/E yake ilibe tanthauzo ndipo imachoka yokha. Komabe musaiiwale. Ngati makampani angapo m'bizinesiyo akuluza, gulu lomwe latsala ndi la opambana okhaokha, ndipo likuonetsa bizinesiyo ngati yabwino kuposa momwe ilili.

Munthu wofulumira amaphatikiza zisanu ndi chimodzi zotsalazo, amapeza 113, amagawa ndi 6, ndipo avereji imatuluka 18.8. Akachulukitsa ndi phindu losayeretsedwa lija la 12.6 miliyoni, mtengo umafika pafupifupi madola 237 miliyoni. Sungani nambala imeneyi, tiiyerekeza ndi ya kumapeto.

Gawo lachinayi: funsani nambala iliyonse yachilendo chifukwa chake

Yambani ndi D. P/E ya 45 ingakupangitseni kuganiza kuti msika umaikonda kwambiri kampaniyi. Tsegulani lipoti lake. Mupeza kuti fakitale yake imodzi inapsa, ntchito inaima miyezi ingapo, ndipo EPS inagwa kuchoka pa 1.50 kufika pa 0.40. Mtengo wa sheya sunagwe kwambiri chifukwa ogula akudziwa kuti fakitaleyo ikonzedwa. P/E yakwera chifukwa nambala ya pansi yachepa, osati chifukwa ya pamwamba yakula. Mukagawa 18 ndi phindu lake la nthawi zonse la 1.50 mupeza 12. Mungathe kuichotsa D, kapena kuisunga pa 12 ngati muli ndi umboni woti phindu libwereradi. Chosaloleka n'kuisiya pa 45.

Pali msampha wina wa mtundu womwewu koma wotembenuka, ndipo umagwira ngakhale anthu odziwa. M'mabizinesi omwe phindu limakwera ndi kutsika potsata kayendedwe ka chuma, monga a zitsulo, migodi, sitima zonyamula katundu ndi zipangizo zomangira, P/E imatsikitsitsa pamene phindu lili pachimake, chifukwa ogula akudziwa kuti silikhalitsa. Phindu likagwa, P/E imakwera. Penti imayendera limodzi ndi ntchito zomanga, choncho yang'anani ngati chaka chomwe mukugwiritsa ntchito chinali cha pamwamba kapena cha pansi. Ngati phindu la makampaniwo limadumphadumpha, gwiritsani ntchito avereji ya zaka zisanu kapena kuposerapo, ku mbali zonse ziwiri: kwa oyerekezerawo ndi kwa kampani yanu yomwe.

E ndiyo yokopa kwambiri, chifukwa palibe cholakwika m'mabuku ake. Ndi kampani yaikulu, dzina lake limadziwika m'mayiko ambiri, ili ndi mafakitale ambiri, ndipo phindu lake likukula ndi 12 peresenti pachaka. Kampani yanu ili ndi fakitale imodzi, ikukula ndi 4 kapena 5 peresenti, ndipo makasitomala atatu okha amagula theka la penti yake. P/E ya 22 ndi yoona kwa E. Koma ogula akulipirira kukula ndi chitetezo zomwe kampani yanu ilibe. Mwini kampani adzakuuzani kuti penti yake ndi yabwino kuposa ya E, ndipo mwina akunena zoona, koma funso silikhudza ubwino wa penti. E ichoke.

F ili pa 7, ndipo chifukwa chake ndi ngongole. Apa m'pofunika kufatsa, chifukwa ambiri sadziwa kuti ngongole yokha imasintha P/E ngakhale bizinesi ili yofanana. Taganizirani makampani awiri, iliyonse ikupeza 10 miliyoni isanalipire chiwongoladzanja ndi msonkho, ndipo bizinesi ya iliyonse tinene kuti ndi ya mtengo wa 100 miliyoni. Yoyamba ilibe ngongole. Ikalipira msonkho wa 25 peresenti imatsala ndi 7.5 miliyoni, masheya ake onse ndi a 100 miliyoni, ndiye P/E yake ndi 13.3. Yachiwiri ili ndi ngongole ya 50 miliyoni pa chiwongoladzanja cha 6 peresenti. Imalipira 3 miliyoni kubanki, pamatsala 7 miliyoni, msonkho ukachoka pamatsala 5.25 miliyoni. Masheya ake ndi a 50 miliyoni popeza theka lina ndi la obwereketsa, ndiye P/E yake ndi 9.5. Fakitale yofanana, malonda ofanana, koma P/E zasiyana pafupifupi ndi 4. Yachiwiriyo si yotchipa. Eni ake ali pa chiopsezo chachikulu, chifukwa malonda akatsika banki imafunabe 3 miliyoni yake. Kampani yathu ya penti ili ndi ngongole yochepa, choncho F siyofanana nayo. Ngati pafupifupi makampani onse omwe mwapeza akusiyana kwambiri pa ngongole, P/E si chida choyenera, ndipo ndi bwino kugwiritsa ntchito mlingo womwe umalembedwa kuti EV/EBITDA, womwe umayerekeza mtengo wa masheya ndi ngongole pamodzi ndi phindu lisanachotsedwe chiwongoladzanja, msonkho ndi kutsika mtengo kwa katundu wa kampani pamene akutha.

Musanasangalale ndi A, B ndi C, ziunikeninso monga munachitira ndi kampani yanu. Kodi m'phindu lawo mulibe za kamodzi? Kodi masheya awo amayendadi? Sheya yomwe inagulitsidwa komaliza miyezi iwiri yapitayo ili ndi mtengo wakale, ndipo P/E yake sikunena zomwe msika ukuganiza lero. Kodi palibe mphekesera yoti imodzi ikugulidwa ndi kampani ina? Mphekesera yotere imakweza mtengo pa chifukwa chosakhudza phindu. Onaninso malamulo a kalembedwe ka mabuku ndi a msonkho. Lamulo la kalembedwe ka mabuku lotchedwa IFRS 16 litayamba kugwira ntchito mu Januwale 2019, kalembedwe ka malendi a nyumba ndi makina kanasintha, ndipo phindu la makampani ochita lendi zinthu zambiri linasuntha ngakhale bizinesi sinasinthe. Ku America msonkho wa boma lalikulu pa phindu la makampani unatsika kuchoka pa 35 kufika pa 21 peresenti kuyambira 2018, zomwe zinakweza EPS popanda kampani kugulitsa chitini chimodzi chowonjezera. P/E za zaka kapena mayiko osiyana pa zinthu ngati izi sizingangoikidwa mumzere umodzi.

Gawo lachisanu: chulukitsani, ndipo mupereke malire osati nambala imodzi

Tatsala ndi 12, 13 ndi 14. Makampani atatu ndi ochepa, ndipo ndingakonde atakhala asanu kapena kuposerapo, koma atatu ofananadi amaposa khumi ongotoleza. Gulu likakhala lalikulu, gwiritsani ntchito nambala yapakati mukazindandalika kuyambira yaing'ono, osati avereji. Pa zisanu ndi chimodzi zija yapakati inali 13.5 pomwe avereji inali 18.8, chifukwa 45 imodzi ija inakoka avereji yonse.

```
9 × 12 = 108
9 × 13 = 117
9 × 14 = 126
```

Mtengo uli pakati pa madola 108 miliyoni ndi 126 miliyoni, ndipo pakati pake ndi 117 miliyoni. Kumeneku n'kuchepera pang'ono theka la 237 miliyoni ija, pa kampani yomweyo, mabuku omwewo, tsiku lomwelo.

Mtengo umenewu ndi wa masheya, kutanthauza gawo la eni ake. Musachotsenso ngongole, chifukwa chiwongoladzanja chinachoka kale m'phindu lomwe mwachulukitsa. Ngati kampaniyo ili ndi ndalama zambiri zongokhala kubanki zomwe bizinesi sikuzifuna, kapena malo ena osagwiritsidwa ntchito, ziwonjezereni padera, koma muyambe mwachotsa m'phindu chiwongoladzanja chomwe ndalamazo zimabweretsa kuti musaziwerenge kawiri.

Patsala kusintha kuwiri komwe kumakokerana mbali zosiyana. Sheya ya A mungaigulitse lero, ndalama n'kulowa m'masiku ochepa, pomwe gawo la kampani ya banja lingakutengereni miyezi yambiri kuti mupeze wogula. Pachifukwa ichi mtengo wa kampani yosakhala pamsika amautsitsa. Palibe nambala imodzi yovomerezeka, zimadalira kukula kwa kampaniyo ndi kuchuluka kwa omwe angaifune. Mutati mutsitse ndi 20 peresenti, 117 miliyoni ikhala 93.6 miliyoni. Mbali inayo, mitengo ya pamsika ndi ya timagawo ting'onoting'ono topanda mphamvu yolamulira. Wogula kampani yonse, yemwe angathe kusintha mabwana ndi kusankha zochita ndi phindu, nthawi zambiri amalipira moposerapo. Choncho dziwani chomwe chikugulitsidwa: 10 peresenti ya kampani ya banja yomwe mwini wake apitiriza kulamulira, kapena kampani yonse. Kusintha kulikonse mukulembe pa mzere wake pamodzi ndi chifukwa chake, kuti wotsutsa adziwe chomwe akutsutsa.

Gawo lomaliza: yesani ngati msika womwe mwakoperawo uli bwinobwino

Njira yonseyi imangokuuzani mtengo wa kampani poyerekeza ndi anzake. Anzakewo akakhala kuti onse akwera mopitirira muyeso, yanunso ikwera nawo ndipo masamu sadzakuchenjezani. Msika wa masheya wa ku America wotchedwa Nasdaq unafika pachimake mu Malichi 2000, ndipo pofika Okutobala 2002 unali utagwa ndi pafupifupi 78 peresenti. Munthu yemwe ankayerekeza kampani ya zamakono ndi anzake kumayambiriro kwa 2000 akanatha kutsata bwinobwino ndondomeko yonseyi n'kupezabe mtengo wosakhalitsa.

Pali mayeso awiri achangu. Oyamba, onani P/E ya A, B ndi C pa zaka zisanu kapena khumi zapitazo. Ngati nthawi zambiri inkakhala pa 9 kapena 10 ndipo lero ili pa 13, fufuzani chomwe chasintha musanavomere 13. Achiwiri, tembenuzani P/E: 1 kugawa ndi 13 ndi 7.7 peresenti, lomwe ndi phindu la pachaka pa ndalama zomwe wogula waika. Liyerekezeni ndi chiwongoladzanja chomwe boma la dzikolo likupereka pa ngongole zake za nthawi yaitali. Boma likamapereka 4 peresenti, 7.7 peresenti ya kampani yomwe ikukula ndi 4 kapena 5 peresenti ndi yomveka. Likamapereka 12 peresenti, wogula ayenera kukhala ndi chifukwa champhamvu chokhulupirira kuti phindu la 9 miliyoni likula msanga, ndipo chikasowa, bwererani ku gawo lachiwiri mukaone ngati A, B ndi C ali m'chuma chofanana ndi chomwe kampani ya pentiyo ikugwiramo ntchito.